Kusintha kajambulidwe ka chithunzi popanda kusuntha munthu: mmene mungagwiritsire ntchito ControlNet

Tiyerekeze kuti muli ndi chithunzi chojambula pa foni. Mayi wasenza dengu la matimati, dzanja lamanja lagwira m'mphepete mwa dengu, lamanzere lili m'chiuno, ndipo wavala chitenje cha maluwa chofika mu akakolo. Kumbuyo kwake kuli khoma la njerwa. Inu mukukonza buku la ana, ndipo mukufuna mayi yemweyu, ataima chomwechi, koma chithunzicho chioneke ngati chopakidwa ndi utoto wa madzi.

Stable Diffusion ndi modelo ya pa kompyuta yojambula zithunzi potsata mawu amene mwalemba, ndipo amene anayesapo `img2img`, njira yake yojambula chatsopano kuchokera pa chithunzi chimene muli nacho, akudziwa pomwe pamavutira. Mukaika `Denoising strength` yochepa, mayi amakhala pomwe anali koma chithunzi chimangokhala cha kamera chomwe chija, chongofufutika pang'ono. Mukaikweza kuti utoto uoneke, dengu limasanduka chipewa, dzanja la m'chiuno limagwa, mwina mayiyo n'kutembenuka. Nambala imodzi yomweyo ikulamulira zinthu ziwiri, kaimidwe ndi kajambulidwe, ndiye simungamasule chimodzi china osamasuka.

ControlNet imalekanitsa ziwirizi. Anaitulutsa mu 2023 ndi Lvmin Zhang, Anyi Rao ndi Maneesh Agrawala a ku yunivesite ya Stanford. Chithunzi chanu sichilowa mu modelo mmene chilili. Chimayamba chasandutsidwa mapu, monga chigoba cha timizere, mizere ya m'mphepete mwa zinthu, kapena chithunzi chotuwa chosonyeza chomwe chili pafupi ndi chomwe chili kutali. Mapuwo ndi amene amatsogolera modelo pomwe zinthu ziyenera kukhala, pamene mitundu ndi kapakidwe zimachokera ku mawu amene mwalemba. Modelo yaikulu yojambula siisinthidwa. ControlNet ndi kope la gawo lina la modeloyo, lophunzitsidwa padera kuwerenga mtundu umodzi wa mapu, ndipo limangowonjezera zake pa sitepe iliyonse ya kujambula. N'chifukwa chake fayilo imodzi ya ControlNet imagwira ntchito ndi modelo iliyonse ya m'banja lake.

Ntchito yonse yagona pa funso limodzi: mapu awa akusunga chiyani, ndipo akutaya chiyani? Chimene mapu asunga, mawu anu adzavutika kuchisintha. Chimene ataya, modelo idzangopeka.

Zofunika musanayambe

Malangizowa akutsata pulogalamu ya AUTOMATIC1111 ndi modelo za banja la Stable Diffusion 1.5, chifukwa ndi zimene zimayenda pa kompyuta yapakatikati. Khadi la zithunzi la NVIDIA la magigabaiti 6 kapena 8 likukwanira. La magigabaiti 4 limayenda mokakamiza mukatsegula fayilo ya `webui-user.bat` n'kusintha mzere wa `COMMANDLINE_ARGS` umene ulimo kale kuti ukhale chonchi:

```
set COMMANDLINE_ARGS=--medvram
```

Pitani ku `Extensions`, kenako `Install from URL`, mumate adiresi iyi, mudine `Install`, ndipo mutseke pulogalamu n'kuitsegulanso:

```
https://github.com/Mikubill/sd-webui-controlnet
```

Zimenezi zimangobweretsa mabatani. Mafayilo a ControlNet mumakatenga padera pa webusaiti ya Hugging Face n'kuwaika mu foda ya `models/ControlNet`. Pa ntchito yathuyi mukufuna awiri, `control_v11p_sd15_openpose` ndi `control_v11f1p_sd15_depth`, ndipo ngati bandulo ikulola muwonjezere `control_v11p_sd15_softedge`. Fayilo iliyonse yathunthu ndi pafupifupi magigabaiti 1.4, koma alipo ochepetsedwa, olembedwa `fp16` pa dzina, amene ndi theka la kukula kumeneko ndipo kusiyana kwa zotuluka simungakuone ndi maso. Tengani amenewo. Dziwaninso kuti chida chilichonse chopanga mapu chimakopera fayilo yakeyake pa intaneti tsiku loyamba kuchigwiritsa ntchito, ndiye chiyeseni muli pa intaneti musanapite nayo kompyuta kopanda netiweki.

Zilembo za `sd15` pa dzina si zokongoletsera. Fayilo imeneyi siingagwire ndi modelo ya SDXL, imene ili ndi ma ControlNet akeake. Mukasakaniza, pulogalamu imakana, kapena chithunzi chimatuluka chosalabadira mapu n'komwe.

Ndipo mayi wa pa chithunziyo mumupemphe kaye. Nkhope yake siidzaoneka m'buku, koma thupi ndi kaimidwe ndi zake.

Sitepe 1: Fananitsani kukula kwa zithunzi

Foni zambiri zimajambula pa muyeso wa 3 kwa 4, mwachitsanzo mapikiselo 3000 m'lifupi ndi 4000 m'litali. Mu `txt2img`, tsamba lojambulira kuchokera ku mawu, ikani `Width` pa 576 ndi `Height` pa 768, umene ndi muyeso womwewo. Ambiri amathamangira 512 ndi 768, koma umenewo ndi muyeso wa 2 kwa 3, wopyapyala kuposa chithunzi chanu. Zikatero `Resize Mode` ndi imene imagamula. `Crop and Resize` imadula m'mbali, ndipo chigongono cha dzanja la m'chiuno lija chikhoza kupita. `Just Resize` imafinya chithunzi, mayi n'kuoneka wamtali ndi woonda. `Resize and Fill` imasunga zonse n'kudzaza malo otsala. Miyeso ikafanana, zonsezi sizikukukhudzani.

Musanalowetse chithunzi, chiduleni kuti mayi adzaze pafupifupi utali wonse, kuyambira pa dengu mpaka kumapazi. Chifukwa chake chioneka tikafika pa nkhope ndi zala.

Sitepe 2: Onani mapu musanajambule kalikonse

Tsegulani gawo la `ControlNet` pansi pa `txt2img`. Mu `ControlNet Unit 0` ikani chithunzi, muchonge `Enable`, `Pixel Perfect` ndi `Allow Preview`. `Pixel Perfect` imawerengera yokha kukula kwa mapu kuti kugwirizane ndi chithunzi chotuluka. Pali mabokosi awiri oyandikana: `Preprocessor` ndi chida chopanga mapu, `Model` ndi fayilo yowerenga mapuwo. Pakati pawo pali kabatani kokhala ndi chizindikiro cha kuphulika. Mukakadina, mapu amaoneka pambali pa chithunzi.

Apa ndi pomwe muyenera kukhalitsa. Yesani mapu atatu pa chithunzi chomwechi, muwayang'ane bwinobwino.

Yambani ndi `canny`. Njira imeneyi ndi yakale, ya John Canny ya mu 1986, ndipo imafufuza paliponse pomwe kuwala kwasintha mwadzidzidzi n'kuikapo mzere woyera pa mdima. Siidziwa kuti uyu ndi munthu, ili ndi khoma. Pa chithunzi chathu mupeza duwa lililonse la pa chitenje lajambulidwa, malukidwe a dengu onse alipo, njerwa iliyonse ili ndi mzere wake. Mukapereka mapu otere kwa modelo n'kupempha utoto wa madzi, idzamvera mizere yonseyo, ndipo chotuluka chidzaoneka ngati chithunzi cha kamera chimene mwana wapakapaka utoto. Mungachepetse mizere pokweza manambala awiri a `Low Threshold` ndi `High Threshold`, amene amayambira pa 100 ndi 200. Kusintha kwa kuwala kopitirira nambala yapamwamba kumakhala mzere, kosafika pa yapansi kumatayidwa, ndipo kwapakati kumasungidwa pokhapokha kakhudzana ndi mzere wamphamvu. Koma vuto la chitenje ndi lakuti maluwa ake amasiyana kwambiri mitundu kuposa mmene mkono wa mayi umasiyanirana ndi khoma. Mukakweza manambala, mkono ndi umene umayamba kusowa, maluwa akadalipo. Kwa ine, `canny` ndi ya nyumba, galimoto, botolo, chizindikiro cha kampani. Pa munthu wovala nsalu ya maluwa, isiyeni.

Tsopano `dw_openpose_full`. Mapu ake ndi chigoba cha timizere ta mitundumitundu pa mdima, motsata kalembedwe ka OpenPose, pulogalamu yochokera ku yunivesite ya Carnegie Mellon. Thupi lili ndi mfundo 18, zomwe ndi mphuno, khosi, mapewa, zigongono, polumikizira manja, chiuno, mawondo, akakolo, maso ndi makutu, ndipo dzanja lililonse lili ndi mfundo 21. Mtundu wa mzere uliwonse uli ndi tanthauzo, chifukwa ndi umene umauza modelo kuti uwu ndi mkono wamanja, uwu wamanzere, motero imadziwa ngati munthu wayang'ana kuno kapena watifulatira. Mapu amenewa amapatsa utoto ufulu wonse, popeza mulibe chovala, mulibe khoma. Koma taonani chimene chasowa: dengu mulibe. Kwa modelo, uyu ndi munthu amene wangokweza dzanja m'mwamba. Onaninso miyendo. Chitenje chabisa mawondo, ndiye chidacho chimangoyerekeza pomwe ali. Nthawi zina chimalasa, nthawi zina mwendo umodzi umasowa kapena miyendo imapingasana.

Pomaliza `depth_midas`. Awa ndi mapu a kuya, otuwa: choyera chili pafupi ndi kamera, chakuda chili kutali. Dengu likuoneka bwino pamutu. Chitenje chili ndi mpangidwe wake, kuyambira m'chiuno mpaka pansi, koma maluwa palibe, chifukwa maluwa alibe kutalika kapena kuya. Njerwa zasungunuka kukhala khoma losalala. Chimene chatayika ndi tinthu ting'onoting'ono: zala zimaphatikana ndi dengu, ndipo nkhope ndi chibulumwa chotuwa chabe, moti modelo ikhoza kuganiza kuti ikuona nkhongo.

Ndiye pa chithunzi ichi palibe mapu amodzi okwanira. A kuya akusunga dengu ndi chitenje, chigoba chikusunga mikono ndi komwe mayi wayang'ana. Tigwiritsa onse awiri.

Sitepe 3: Lembani mawu amene mapu sanganene

Modelo za banja limeneli zinaphunzitsidwa kwambiri ndi mawu a Chingerezi, ndiye bokosi la mawu mulembemo Chingerezi. Mawu akuti chitenje siziwamva bwino, muyenera kufotokoza nsaluyo.

```
watercolor illustration, children's book, African woman with dark brown skin, carrying a woven basket of tomatoes on her head, long wax print wrap skirt, white blouse, soft washes, paper texture
```

Mu `Negative prompt`:

```
photo, photorealistic, 3d render, hat, extra fingers
```

Mapu alibe mtundu wa khungu, alibe msinkhu wa zaka, sanena ngati ndi mwamuna kapena mkazi. Mukangolemba `woman`, modelo zambiri zimatulutsa mzungu atasenza dengu la mayi wathu. Zimenezi muzilembe. Koma kaimidwe musavutike kukafotokoza, ndipo chachikulu, musalembe chotsutsana ndi mapu. Mukalemba kuti wakhala pansi pamene chigoba chaima, modelo imayesa kukondweretsa onse awiri, ndipo ndi pomwe pamatuluka miyendo itatu.

Ikani `Sampling steps` pa 30 ndi `CFG Scale`, imene imalamula mmene modelo imverera mawu anu, pa 7. Pa `Seed` chotsani -1 mulembe nambala iliyonse, tinene 1234, ndipo musaisinthe mpaka mutamaliza kukonza. Ikamasintha yokha simungadziwe ngati chithunzi chasintha chifukwa cha zimene mwakhudza kapena mwamwayi chabe.

Sitepe 4: Yambani ndi mapu amodzi

Mu `ControlNet Unit 0` sankhani `depth_midas` ndi `control_v11f1p_sd15_depth`. Siyani `Control Weight` pa 1, `Starting Control Step` pa 0, `Ending Control Step` pa 1, `Control Mode` pa `Balanced`. Dinani `Generate`.

Chimene muyembekezere ndi mayi woima pamalo pake, dengu pamutu, koma chithunzi cholimba. M'mphepete mwa thupi muli mwakuthwa ngati wadulidwa ndi sizasi, mithunzi ndi yolemera, utoto sukuyenderera. Kumbuyo kuli chinthu chathyathyathya pomwe panali khoma. Zili bwino, apa mukungotsimikiza kuti ControlNet ikugwira. Ngati chithunzi sichikufanana n'komwe ndi mapu, musayambe kusintha manambala. Onani ngati `Enable` yachongedwa, ngati bokosi la `Model` silili pa `None`, komanso ngati modelo yaikulu ndi ya banja la 1.5.

Sitepe 5: Masulani dzanja msanga

Kuti mumvetse manambala awiri amene atsala, muyenera kudziwa mmene chithunzi chimabadwira. Chimayamba ngati timadontho tosokonekera tija ta pa wailesi ya kanema siginolo ikathawa, ndipo pa sitepe iliyonse modelo imachotsako pang'ono chisokonezocho. Masitepe oyambirira ndi amene amagamula zikuluzikulu: mutu uli apa, dengu apa, mkono wapinda chonchi. Omalizira amakonza kapakidwe, m'mphepete mwa zinthu, maonekedwe a pepala. Kaimidwe kamakhazikika koyambirira, kajambulidwe kamapsa kumapeto.

Choncho pali njira ziwiri zofewetsera ControlNet, ndipo sizifanana. `Control Weight` ndi mphamvu imene ikukokera modelo pa sitepe iliyonse. `Ending Control Step` ndi pomwe ikusiyira. Mukaika 0.5 pa masitepe 30, ControlNet imagwira masitepe 15 oyamba, otsalawo modelo imapaka mwaufulu. Anthu ambiri chithunzi chikalimba amathamangira kutsitsa mphamvu mpaka 0.3, kenako n'kudabwa kuti dengu lasuntha. Atsitsa mphamvu pa nthawi imene imafunika kwambiri, n'kuisiya ikugwirabe pa nthawi imene siikufunika. Yambani ndi kufupikitsa nthawi.

Ikani `Ending Control Step` pa 0.5, mphamvu ikhalebe 1, mujambule. M'mphepete muyenera kufewa, utoto uyambe kulowerera kunja kwa mizere monga umachitira pa pepala lonyowa, koma mayi asasunthe. Ngati chikadali cholimba, tsitsani mphamvu kufika 0.7. Ngati dengu layamba kusintha mpangidwe kapena kuchepa, mwamasula msanga, bwererani ku 0.6. Sinthani nambala imodzi pa ulendo umodzi. Manambala awa ndi poyambira chabe, modelo iliyonse ili ndi khalidwe lake, koma dongosolo lake ndi lomweli.

`Starting Control Step` isiyeni pa 0. Mukaichedwetsa ngakhale kufika 0.2, modelo imakhala itasankha kale kaimidwe kake m'masitepe 6 oyamba, ndipo ControlNet imafika mochedwa kudzalimbana ndi chimene chaumbidwa kale.

Sitepe 6: Wonjezerani chigoba

Tsegulani `ControlNet Unit 1`, muike chithunzi chomwe chija, musankhe `dw_openpose_full` ndi `control_v11p_sd15_openpose`. Dinani kabatani ka kuphulika muone chigoba. Ngati miyendo yapingasana pansi pa chitenje, ikonzeni musanapitirire. Chowonjezera cha `sd-webui-openpose-editor` chimakulolani kudina `Edit` pa mapuwo n'kukoka mfundo iliyonse ndi mbewa ya kompyuta. Bondo liikeni pakati pa chiuno ndi kakolo. Zala zikaoneka zopiringizika, ndi bwino kuzifufuta kusiyana ndi kuzisiya, chifukwa modelo imatsata chigoba cholakwika mokhulupirika ngati mmene imatsatira cholondola.

Chigoba sichinena kanthu za m'mphepete mwa zinthu, ndiye sichilimbana kwambiri ndi utoto. Mukhoza kuchisiya pa mphamvu 1 mpaka 0.8 ya ulendo. Koma mphamvu za mayuniti awiri zimaphatikizana. Onse akakhala pa 1 kuyambira poyamba mpaka pomaliza, mitundu imapsa, khungu limaoneka ngati pulasitiki, ndipo mawu anu samvekanso. Poyambira pabwino ndi apa:

```
Unit 0: depth_midas        Weight 0.6   Start 0   End 0.5
Unit 1: dw_openpose_full   Weight 1.0   Start 0   End 0.8
```

Pa `Control Mode` pali zosankha zitatu. `My prompt is more important` imafooketsa ControlNet m'zigawo zina za modelo kuti mawu apambane, ndipo imathandiza pa mapu a kuya ngati khoma lakumbuyo likukana kusanduka munda umene mwapempha. `ControlNet is more important` imachita zosiyana, ndipo mphamvu yake imakula limodzi ndi `CFG Scale`, moti pa 7 imakoka kwambiri. Pa ntchito yosintha kajambulidwe siifunika kawirikawiri.

Kunena za khomalo, pali njira ina yachidule. Sungani mapu a kuya ngati chithunzi, muwatsegule mu pulogalamu iliyonse yojambulira, mupake chakuda paliponse kupatula mayi ndi dengu lake. Mukawabwezera mu yuniti, ikani `Preprocessor` pa `none`. Apa ambiri amapunthwa: akalowetsa mapu okonzakonza n'kusiya `depth_midas`, chidacho chimapanga mapu a mapu, ndipo zotuluka zimakhala zosamveka. Lamulo ndi lomweli pa chigoba chimene mwachitenga kwina. Mapu okonzeka kale safuna chida.

Zikavuta, chithunzi chimakuuzani chomwe chalakwika

Mayi akatuluka atafulatira, onani ngati chigoba chili ndi mfundo za maso ndi mphuno. Dengu likaphimba nkhope ndi mthunzi, chidacho chimalephera kuzipeza, ndipo chigoba chopanda nkhope modelo imachiwerenga ngati munthu wooneka kumsana. Chimodzimodzi ngati munajambula chigoba nokha n'kusinthanitsa mitundu ya kumanja ndi kumanzere.

Mukapempha mtsikana wa zaka 8 pa chigoba cha mayiyu, mupeza mwana wa miyendo yaitali modabwitsa. Chigoba chimasunga kutalika kwa mafupa ndi kukula kwa mutu poyerekeza ndi thupi. Mwana ali ndi mutu waukulu ndi miyendo yaifupi, ndiye muyenera kukoka mfundozo, kapena kujambula mwana weniweni. Mapu a kuya ndiye amaumiriza kwambiri, chifukwa amasunga ngakhale kunenepa ndi mpangidwe wa chovala. Simungapemphe buluku pa mapu a chitenje.

Nkhope ndi zala zikaphwanyika pamene china chilichonse chili bwino, vuto si ControlNet. Stable Diffusion imajambula pa kachithunzi kochepetsedwa ka 8 mbali iliyonse, ndiye chithunzi cha 576 ndi 768 mkati mwake ndi timabokosi 72 ndi 96. Nkhope ya mapikiselo 64 m'lifupi ili ndi timabokosi 8 tokha, ndipo chala chimodzi sichikwana ngakhale kabokosi kamodzi kapena tiwiri. N'chifukwa chake tinadula chithunzi poyamba paja. Chongani `Hires. fix`, muike `Upscale by` pa 1.5 ndi `Denoising strength` pakati pa 0.3 ndi 0.45, kuti modelo ipakenso pa malo okulirapo. Dzanja likakanabe, tumizani chithunzi ku `Inpaint`, mupake dzanja lokhalo, musankhe `Only masked`. Imakulitsa kachigawoko, n'kukajambula bwino, n'kukabwezera pamalo pake.

Uthenga wa `CUDA out of memory` ukutanthauza kuti khadi ladzaza. Chongani `Low VRAM` mu yuniti iliyonse, ndipo `Batch size` ikhale 1.

Kajambulidwe kena, mapu ena

Manambala tapeza aja ndi a utoto wa madzi, umene umafuna m'mphepete mofewa. Mawa mkonzi wa buku akanena kuti akufuna zithunzi zooneka ngati zodinda ndi thabwa losema, za mizere yakuda yonenepa, nkhani yasintha. Kajambulidwe kameneka kamakhalira mizere, ndiye mapu a mizere amakathandiza m'malo mokapinga. Chotsani mapu a kuya, muike `softedge_pidinet` ndi `control_v11p_sd15_softedge`. Chida chimenechi, mosiyana ndi `canny`, chinaphunzitsidwa kuzindikira malire a zinthu, motero chimagwira mkono, dengu ndi mpendero wa chitenje n'kusiya maluwa ambiri, ngakhale akuluakulu ena amatsalira. Mukhoza kuchisiya chigwire mpaka 0.8. M'mawu sinthani `watercolor illustration` kukhala `woodcut print, bold black lines`, ndipo muchotse `soft washes`.

Ngati ndinu wojambula ndi dzanja, simufunikanso kamera. Jambulani mayiyo ndi cholembera chakuda pa pepala loyera, mulijambule ndi foni pamalo owala bwino, musankhe `control_v11p_sd15_scribble` kapena `control_v11p_sd15_lineart`. Mafayilo amenewa amayembekezera mizere yoyera pa mdima, ndiye `Preprocessor` ikhale `invert (from white bg & black line)`. Yoyambayo imalekerera mizere yokhotakhota n'kuikonza yokha, yachiwiriyo imatsata mzere uliwonse mmene mwaulembera.

Tsamba lachiwiri la buku

Chinthu chimodzi chimene mapu onsewa sasunga ndi nkhope. Pa tsamba lotsatira, pomwe mayi watula dengu n'kuwerama, mudzapeza munthu wina wovala chitenje china. Apa pamafunika chiwongolero cha mtundu wina, chotengera maonekedwe osati kaimidwe. Mu chowonjezera chomwechi muli `reference_only`, imene siifuna fayilo ya modelo: mumaika chithunzi chomalizidwa cha tsamba loyamba mu `ControlNet Unit 2`, ndipo modelo imachiyang'ana pamene ikujambula chatsopano. Palinso IP-Adapter, yochokera ku Tencent mu 2023, imene ili ndi mafayilo akeake ndipo imatenga mitundu, zovala ndi kapakidwe mwamphamvu kuposa pamenepo. Yambani nayo pa mphamvu ya 0.5, chifukwa ikakwera imayamba kukoka ngakhale kaimidwe ka tsamba loyamba n'kulimbana ndi chigoba chatsopano. Zonse ziwiri zimapereka munthu wofanana, osati yemweyo ndendende, ndipo maluwa a chitenje adzasinthabe pang'ono tsamba ndi tsamba. Chovala cha mtundu umodzi wopanda maluwa chimapepukitsa ntchito imeneyi kwambiri.

Chithunzi chikakukhutiritsani, tsopano bwezerani `Seed` pa -1, mutulutse zingapo, musankhepo. Sungani mapu awiri aja mu foda imodzi ndi chithunzi chimene mwasankha. Manambala onse, kuphatikizapo a ControlNet, pulogalamu imawalemba mkati mwa fayilo ya PNG, ndipo mukaikokera ku `PNG Info` n'kudina `Send to txt2img` amabwerera m'mabokosi awo, kupatula zithunzi za m'mayuniti zimene muyenera kuikanso nokha. Potumiza fayiloyo kwa mnzanu pa WhatsApp, itumizeni ngati dokumenti. Mukaitumiza ngati chithunzi wamba imafinyidwa, ndipo manambala aja amatayika.